Malipiro a alimi akamakanika usiku uliwonse

Pulogalamu yotumiza ndalama imadzuka yokha 7 koloko madzulo, imagwira ntchito yake, kenako m'logi, fayilo imene pulogalamu imalembamo zimene yachita, mumatsala mizere ingapo ya zolakwika. Mawa lake mizere yomweyo ilinso pomwepo, manambala ake omwewo, mawu ake omwewo. Poti ndalama za anthu ambiri zikufika, palibe amene amadandaula, ndipo zimatha miyezi zili choncho. Tsiku lina apampando a kalabu ya alimi amaimba foni kuti anthu awo ayenda ulendo kukafika kwa ajenti ku Luchenza n'kupeza m'foni mulibe kanthu, pamene sikelo inayeza masamba awo kalekale.

Tiyerekeze bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Mulanje, lokhala ndi mashedi oyezerapo masamba kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli. Kalabu iliyonse ili ndi tsiku lake lolandira. Malipiro amalembedwa m'tebulo la `payouts` mu detabesi ya PostgreSQL, ndipo `cron`, yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imayatsa pulogalamu imene imatenga malipiro 300 akale kwambiri amene sanapite n'kuwatumiza ku kampani ya ndalama za pafoni. Amene akanika amatsala ali `pending` kuti ayesedwenso mawa.

Vuto lili pa mawu oti "akale kwambiri". Malipiro okanika sachoka, ndipo tsiku lililonse amakalambirakalambira, choncho nthawi zonse ndi iwo amene amakhala kutsogolo kwa mzere. M'miyezi yozizira, tiyi akachepa, mwina patsiku pamalowa malipiro atsopano 60 okha, ndiye ngakhale okanika atafika 140 malo amakwanabe. Mvula ikayamba, masamba n'kuchuluka, patsiku pakulowa 200. Pa malo 300 aja, 140 atengedwa kale ndi okanika, kwatsala 160. Usiku uliwonse malipiro abwinobwino 40 akutsalira, ndipo pakutha kwa sabata afika 280. Mlimi amene nambala yake ilibe vuto lililonse akudikira masiku awiri owonjezera chifukwa cha nambala yolakwika ya munthu wina.

Anthu ambiri akaona izi amakweza 300 uja kufika 1,000. Zimapumitsa kwa kanthawi, koma alimi 140 aja sanalandirebe.

Yambani ndi kuwerenga zolakwikazo m'magulu

Musanasinthe kanthu, funsani detabesi kuti zokanikazo zikukanika chifukwa chiyani. Musawerenge logi mzere ndi mzere, mungotopa. Ziunjikeni potengera uthenga wa cholakwika:

```sql
SELECT last_error, count(*), min(created_at)
FROM payouts
WHERE status = 'pending' AND last_error IS NOT NULL
GROUP BY last_error
ORDER BY 2 DESC;
```

Ngati tebulo lanu lilibe `last_error`, ntchito yoyamba ndi yomweyo: onjezani malo osungira uthenga wa cholakwika, kuchuluka kwa maulendo amene ayesedwa, ndi nthawi imene ayenera kuyesedwanso. Lolani pulogalamu iyende usiku umodzi, kenako funsani.

Pa bungwe lathu lija, malipiro 140 agawika m'magulu asanu okha. Okwana 96 akubwezedwa ndi `400 invalid number`. Ena 21 akuti akaunti kulibe. Manambala 9 akuyamba ndi `258`, ndiye kuti ndi a ku Mozambiki, zimene sizodabwitsa kwa munthu wokhala kufupi ndi Muloza. Malipiro 8 sakufika n'komwe ku kampani chifukwa nambala ya mlimiyo siikupezeka m'tebulo la alimi. Otsala 6 akubwezedwa ndi `409 duplicate reference`.

Gulu la 96 lija ndi vuto limodzi lokha lobwerezedwa ka 96. Nambala ya foni ya m'manja kuno imalembedwa ndi ziro kutsogolo kenako manambala asanu ndi anayi, ndipo potumiza kunja imafunika iyambe ndi `265` m'malo mwa ziroyo. Kalaliki akalemba manambalawo mu Excel, malowo n'kutengedwa ngati a masamu, ziro wakutsogolo amachoka yekha. Pulogalamu ikamadula chilembo choyamba poganiza kuti ndi ziro, imadula 8 kapena 9 weniweni, ndipo nambala imatuluka yoperewera ndi chimodzi. Mukhoza kuiyesa chaka chathunthu, yankho lidzakhala lomwelo.

Si kukanika konse kofunika kuyesanso

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pulogalamu ikalandira cholakwika iyenera kusankha chochita potengera mtundu wake, osati kungobwezera chilichonse pamzere.

Pali kukanika kumene kumatha kokha. Netiweki yagwa, seva ya kampani yayankha `503` kutanthauza kuti siikutha kulandira ntchito panopa, kapena yayankha `429` kutanthauza kuti mukutumiza mothamanga kwambiri. Palibe chimene chalakwika pa malipirowo, ndipo kuyesanso pakapita nthawi n'koyenera. Pali kukanika kwina kumene sikungathe popanda munthu kusinthapo kanthu: nambala yoperewera, akaunti yotsekedwa, mlimi wosalembetsedwa. Kumeneku sikufunika kuyesa kasanu kuti mutsimikize. Ulendo woyamba womwewo malipirowo achoke pamzere waukulu n'kupita ku mzere wa zokanika, umene pa sikirini za mapulogalamu ambiri mudzauona utalembedwa `dead-letter queue` kapena `DLQ`. Zili ngati thumba la masamba okhwima pa shedi: kalaliki saliikanso pa sikelo mobwerezabwereza anthu ena atadikira, amaliika pambali lili ndi dzina la mwini wake kuti akambirane mzere ukatha.

Mtundu wachitatu ndi umene umaluzitsa ndalama. Mwatumiza, yankho silinabwere, nthawi yodikira yatha. Simukudziwa ngati ndalama zapita kapena ayi. Malipiro 6 aja anayamba choncho. Usiku woyamba ndalama zinapita koma yankho linasochera panjira, pulogalamu n'kulemba kuti zakanika. Kuyambira tsiku limenelo ikutumizanso ndi nambala ya chizindikiro yomweyo, imene kampani imazindikirira nayo malipiro aliwonse, ndipo kampani ikukana chifukwa inalipira kale. Malipirowa akukanika usiku uliwonse chifukwa choti anatheka. Munthu wofuna kuyeretsa mzere mwachangu akawapatsa chizindikiro chatsopano, onse 6 adutsa bwinobwino, ndipo alimi 6 alandira kawiri. Kukapempha munthu kuti abweze ndalama zimene wagulira kale feteleza si ntchito yoti mungaisirire.

Choncho chizindikiro cha malipiro chipangidwe kamodzi, nthawi imene malipirowo akulembedwa m'tebulo, ndipo chisasinthe ngakhale ayesedwe kangati. Yankho likasowa, malipirowo alembedwe `unknown`, ndipo pulogalamu ifunse kaye kampani za chizindikirocho isanatumizenso. Ngati kampaniyo ilibe njira yofunsira, aakaunti ayang'ane pa sitetimenti. Sungani cholakwika choyamba pambali pa chomaliza, chifukwa chomaliza chimangonena kuti `duplicate`, pamene choyamba ndi chimene chimaulula kuti zonse zinayamba ndi yankho losabwera.

Kuyesa kangati?

Funso limeneli limafunsidwa molakwika. Maulendo asanu pa pulogalamu yoyenda kamodzi patsiku ndi masiku asanu, koma pa pulogalamu yoyenda mphindi khumi zilizonse sakwana ndi ola limodzi, ndipo magetsi kapena netiweki zikhoza kusowa nthawi yoposa pamenepo. Yambani ndi kufunsa kuti mlimi angadikire nthawi yaitali bwanji munthu wa muofesi asanauzidwe. Kwa ine, pa nkhani ya ndalama, masiku awiri ndi malire. Ngati pulogalamu imayenda usiku wokhawokha, ndiye kuti ulendo wachitatu ukakanika zipite ku mzere wa zokanika. Ngati imayenda pafupipafupi, talikitsani nthawi pakati pa maulendo: mphindi 10, kenako 30, ola limodzi, maola anayi, mpaka masiku awiriwo akwane. Nthawi imeneyo ilembedwe mu `next_try_at`, ndipo pulogalamu izisankha potengera pamenepo osati potengera tsiku limene malipiro analembedwa. Mukatero, okanika sakhalanso kutsogolo kwa mzere.

Pali msampha wina apa. Usiku wina mvula ya mabingu yagwetsa netiweki, malipiro onse 300 akanika, ndipo aliyense wawerengeredwa ulendo umodzi. Zikachitika masiku atatu otsatizana, mzere wonse wasamukira ku zokanika, ndipo manambala olakwika enieni abisika pakati pa abwino mazanamazana. Pulogalamu ikaona kuti malipiro khumi otsatizana akanika ndi cholakwika chimodzimodzi cha netiweki, iime, itumize uthenga kwa woyang'anira, ndipo otsalawo isawagwire. Chimene chadwala ndi njira, osati malipirowo.

Pamene chiwerengero cha maulendo sichikukwera

Nthawi zina mumaika malire a maulendo atatu, koma malipiro ena ake akuonekabe m'logi usiku uliwonse, chiwerengero cha maulendo mu `attempts` chili pa ziro. Mukayang'anitsitsa, pulogalamu ikuthera pa malipiro omwewo tsiku lililonse, ndipo onse a kumbuyo kwake sakugwiridwa n'komwe. Chizindikiro chake ndi logi yopanda mzere womaliza wonena kuti ntchito yatha.

Kwathu kuno choyambitsa chofala ndi mayina okhala ndi ng', monga Ng'ombe kapena Ng'oma. Ngati wolemba pulogalamu analumikiza dzina mwachindunji m'kati mwa lamulo la SQL, kachizindikiro kapamwamba kaja kamatseka mawu pakatikati, ndipo PostgreSQL imayankha `syntax error`. Choipa china n'chakuti cholakwika chikachitika m'kati mwa `transaction`, gulu la malamulo limene limasungidwa lonse kapena kutayidwa lonse, lamulo lililonse lotsatira limakanidwa ndi uthenga woyamba ndi `current transaction is aborted`, kuphatikizapo lija lowonjezera `attempts`. Zonse zimabwerera mmene zinalili, ngati kuti palibe chinayesedwa. Zimachitikanso chimodzimodzi magetsi akazima pakati pa ntchito.

Dzina lija mulikonze potumiza mayina ngati maparamita, osawalumikiza m'lamulo. Koma chofunika kwambiri ndi kuwerenga ulendo musanauyambe. Tengani malipiro amodzi, kwezani chiwerengero, sungani, kenako mutumize:

```sql
UPDATE payouts
SET attempts = attempts + 1, status = 'sending'
WHERE id = (
  SELECT id FROM payouts
  WHERE status = 'pending' AND next_try_at <= now()
  ORDER BY next_try_at LIMIT 1
  FOR UPDATE SKIP LOCKED)
RETURNING id, phone, amount, ref;
```

Sungani ndi `COMMIT` musanalankhule ndi kampani. Pulogalamu ikafa panjira, malipirowo atsala ali `sending` chiwerengero chitakwera kale, ndipo usiku wotsatira ena onse adutsa popanda kutsekerezedwa. Amene apezeka akadali `sending` ntchito itatha muwatenge ngati `unknown`, chifukwa simukudziwa kuti pulogalamu inafera pati. Mawu a `SKIP LOCKED` amathandiza ngati ntchito ya dzulo isanathe pamene ya lero ikuyamba, kuti ziwirizo zisagwire malipiro amodzi.

Mzere wa zokanika weniweniwo

Pa dongosolo laling'ono ngati ili simufunika pulogalamu yapadera. `status = 'dead'` m'tebulo lomwelo ndi wokwanira, bola pulogalamu ya usiku isamaugwire. Chofunika n'chakuti munthu amene adzatsegule mawa apeze zonse: zimene zinatumizidwa ndendende, yankho lonse limene linabwera, tsiku loyamba ndi lomaliza kuyesedwa, kalabu ya mlimiyo ndi shedi yake. Logi imafufutidwa pakapita masiku, choncho musadalire kuti mudzakaziyang'ana kumeneko.

Amene mumagwiritsa ntchito Amazon SQS kapena RabbitMQ, mzerewu ulipo kale, koma uli ndi malire ake. Pa SQS, `maxReceiveCount` ndi imene imanena kuti uthenga ulandiridwe kangati usanasamutsidwe. Uthenga umasungidwa masiku 4 ngati simunasinthe, ndipo sungapitirire masiku 14. Pa mzere wamba, masikuwo amawerengedwa kuyambira pamene uthenga unalowa pamzere woyamba, osati pamene unasamutsidwa. Uthenga umene wayesedwa masiku atatu umangokhala tsiku limodzi ku zokanika n'kufufutika, ndipo ofesi ikatseka pa Khirisimasi simupeza kanthu. Ikani masiku 14 pa mzere wa zokanika, komanso muzikoperako ku detabesi. Pa RabbitMQ, uthenga wokanidwa ndi `requeue=false` umapita kumene mwalozera ndi `x-dead-letter-exchange`, ndipo chifukwa chake chimalembedwa mu `x-death`. Ngati simunalozere kulikonse, umangotayidwa osanena. Kuyambira RabbitMQ 4.0, mizere ya mtundu wa `quorum` ili ndi `delivery-limit` ya 20 ngakhale simunaiike nokha, choncho uthenga wobwerezabwereza ukhoza kusowa mwakachetechete.

Mzere wa zokanika wopanda mwini wake ndi woipa kuposa logi yodzaza zolakwika ija, chifukwa tsopano palibe chikulira. Pulogalamu ikumaliza bwino usiku uliwonse, koma alimi aja sanalandirebe. Musauike m'manja mwa wa kompyuta yekha. Manambala olakwika ndi akaunti zotsekedwa ndi ntchito ya alangizi ndi makalaliki amene amakumana ndi alimiwo pa shedi, choncho m'mawa uliwonse alandire mndandanda wa kalabu yawo yokha, wolembedwa m'mawu omveka monga "nambala ndi yoperewera", osati `400`. Za `unknown` ndi za aakaunti. Za pulogalamu kugwa ndi za wa kompyuta. Pochenjeza, ine ndimakonda kuyang'ana kutalika kwa nthawi imene chokanika chakale kwambiri chakhala kusiyana ndi kuchuluka kwa zokanikazo. Malipiro 50 olowa lero m'mawa si nkhani yaikulu, koma amodzi okhala masabata atatu ndiye kuti palibe akuwerenga mndandandawo.

Kubwezera pamzere

Musadine batani lobwezera zonse pakamodzi. Bwezerani gulu ndi gulu, ndipo gulu lililonse pokhapokha chimene chinaligwetsa chakonzedwa.

Pa 96 aja, konzani kaye pulogalamu kuti izichotsa ziro pokhapokha alipo, ndipo izikana nambala imene ilibe manambala asanu ndi anayi pambuyo pa `265`. Kenako funsani aakaunti funso limene ambiri amaiwala: pa anthu awa, ndi angati amene anabwera ku ofesi n'kupatsidwa ndalama pamanja atadandaula? Malipiro okhala miyezi iwiri osapita kawirikawiri anathetsedwa kale m'njira ina imene kompyuta siikudziwa. Tinene kuti apezeka 17. Amenewo atsekedwe ngati `paid_cash` pamodzi ndi nambala ya risiti, ndipo otsala 79 ndi amene abwerere. Yambani ndi mmodzi, muimbire mlimiyo kuti atsimikize kuti ndalama zalowa, kenako khumi, kenako ena onse. Chizindikiro chikhale chomwe chija. Chiwerengero cha maulendo mukhoza kuchibwezera pa ziro, koma lembani penapake kuti malipirowa anabwezeredwapo, kuti akadzagwanso kachiwiri mudziwe kuti kukonza kwanu sikunagwire.

Pa 21 a akaunti zotsekedwa pafunika kusamala kwina. Nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito ikhoza kuperekedwa kwa munthu wina, ndipo tsiku lina malipiro amene ankakanika usiku uliwonse akhoza kudutsa mwadzidzidzi n'kulowa m'foni ya mlendo. Ichi ndi chifukwa chinanso chosasiyira zinthu zoterezi pamzere waukulu. Nambala yatsopano ibwere kudzera kwa mlangizi, mlimiyo ataonetsa chiphaso chake, osati kungotchulidwa pa foni ndi munthu amene akuti ndi mwana wake. A manambala a `258` apereke nambala ya kuno kapena alipidwe m'njira ina, chifukwa kuyesanso sikungasinthe kanthu. Alimi 8 osapezeka aja nthawi zambiri amakhala olembetsedwa pa pepala ku shedi koma fomu yawo siinalowetsedwe, ndiye ilowetsedwe kaye. Otsala 6 sabwezeredwa ayi, amangolembedwa `paid` aakaunti akaona pa sitetimenti kuti ndalama zinatuluka.

Onaninso ngati pali china chimene chinadalira malipiro okanikawo. Ngati meseji yoti "ndalama zanu zatumizidwa" ili pamzere wake wosiyana, mwina inapita kale kwa munthu amene sanalandire. Ngati ngongole ya feteleza inadulidwa pa malipiro amene sanapite, onetsetsani kuti siidulidwanso pobwezera. Zokanika zina sizifunika kubwezeredwa n'komwe. Meseji yoti galimoto yotenga masamba ifika Lachitatu ilibe ntchito Lachisanu, ndipo kuitumiza mochedwa kungosokoneza anthu. Zoterezi zikhale ndi tsiku lothera ntchito, ndipo zikadutsa zitsekedwe ndi chifukwa chake cholembedwa. Musazifufute m'tebulo, chifukwa tsiku la kawerengedwe ka chuma mudzafunsidwa kuti malipiro nambala yakuti anapita kuti.

Mukamaliza, pitani kumene manambala amalowera. Fayilo ya kalaliki ikamalowetsedwa, mzere uliwonse wokhala ndi nambala yoperewera, yoyamba ndi `258`, kapena ya mlimi wosapezeka ukanidwe nthawi yomweyo, kalalikiyo akadali pampando ndipo buku la ku shedi lili m'manja mwake. Mu Excel, malo a manambala a foni akhale a mtundu wa `Text` manambalawo asanalembedwe, chifukwa mukasintha atalembedwa kale ziro uja sabwerera.